A Fackson Alibe Komiti

A Fackson Muhiwa akhala akugawira anthu ntchito kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndi kapitawo pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, divishoni ya kumtunda, kumene minda ndi yotsetsereka moti ukagwetsa chipewa umakachitola kumtsinje. Anabadwira m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti pomwepo. Bambo awo anali odulira tiyi, ndipo agogo awo ndi amene anachoka ku Mozambique wapansi, atasenza mphasa ndi nkhuku imodzi. A Fackson anayamba kuthyola ali ndi zaka 17. Manja awo anali ochedwa, koma diso ndi pakamwa zinali zachangu, ndiye abwana anaona kuti munthu wotereyu ndi bwino aziyang'anira anzake m'malo moti azizunza mitengo.

Ukapitawo unawakhala. M'mawa ankaima pamwamba pa munda, gambutsi kumapazi, ndodo m'khwapa, n'kumagawa mizere. Ankadziwa kuti mizere isanu ya pachigwa si yofanana ndi mizere isanu ya paphiri, ndipo pa nkhani imeneyi palibe amene ankawadandaula. Chimene anthu ankadandaula chinali mawu awo. Akapeza dengu lopepuka ankalinyamula ndi chala chimodzi, n'kuliyang'ana mwachifundo ngati mwana wodwala, kenako n'kufunsa mwini wake kuti, "Kodi lero mwabwera kudzathyola, kapena mwabwera kudzaona alendo?"

Kunja kwa ntchito anali munthu wa makomiti. Anali mu komiti ya tchalitchi, ya sukulu ya pulayimale, ya mjigo, ya maliro, ndi ya timu ya mpira ya pa esiteti, ngakhale kuti mpira anasiya kuukonda kalekale. Kulikonse kumene kunali tebulo ndi mipando, a Fackson ankapezeka kumutu kwa tebulolo akutsegula ndi pemphero.

Nkhani ya sukulu inayamba mphekesera zitamveka zoti makapitawo adzasiya mabuku n'kumalemba zonse pa matabuleti. A Fackson anali ndi MSCE imene anaipeza ali ndi zaka 41, atalemba katatu, ndipo sanafune kuti kachipangizo kagalasi kawachotse pantchito. Anapita pa koleji ina yaing'ono ya pa boma imene imaphunzitsa Loweruka, nati akufuna kuphunzira kompyuta. Mlembi anawapatsa pepala la maphunziro asanu. Iwo anasankha la dzina lalitali kuposa onse, poganiza kuti ndilo lokwanira munthu wamkulu. Patapita milungu iwiri m'pamene anazindikira kuti sanalembetse zophunzira kutaipa. Analembetsa zolemba mapulogalamu.

Teremu yoyamba inayenda, chifukwa mayeso anali a papepala ndipo a Fackson amaloweza ngati mwana wa kalasi ya ubatizo. Teremu yachiwiri aphunzitsi anagawa ophunzira m'magulu a anthu atatu, gulu lililonse lipange pulogalamu yeniyeni yogwira ntchito m'milungu isanu ndi inayi. A Fackson anagwera limodzi ndi Bashir, mnyamata wazaka 24 woyendetsa njinga yamoto ya kabaza, ndi Hazel, mtsikana wofatsa wovala mandala. Hazel anali mwana wa mayi Fainess, ndipo mayi Fainess anali atathyola tiyi mu gulu la a Fackson kwa zaka khumi ndi zisanu.

Ganizo la pulogalamuyo linachokera kwa a Fackson eni ake, ndipo izi sankalola kuti ziiwalike. Munda wa tiyi suthyoledwa tsiku lililonse. Mukathyola lero mumausiya masiku angapo kuti uphukire, ndipo kapitawo ayenera kudziwa munda umene wakwana. Akafulumira apeza timasamba tosakwanira, akachedwa apeza masamba okhwima amene fakitale imabweza. Pulogalamu yawo inali yoti munthu akalemba tsiku limene munda wathyoledwa, iyo izinena tsiku lobwererako, ndipo m'mawa uliwonse izionetsa pa foni minda ya tsikulo.

Pa misonkhano ya gulu a Fackson sankajomba. Ankafika ndi mkoko wa nthochi, tsiku lina mapeyala, tsiku lina chinanazi. Ankatsegula ndi pemphero, mopempha kaye chilolezo kwa Bashir amene ndi Msilamu, ndipo Bashir ankati, "Pempherani bambo, bola netiweki ibwere." Anawo akatsegula malaputopu, iwo ankaima kumbuyo kwawo manja ali kumsana, n'kumati, "Eya. Pamenepo. Pitirizani." Hazel akawakankhira laputopu kuti ayeseko, ankakumbukira mwadzidzidzi kuti pali foni yofunika kuimba panja.

Chifukwa chenicheni sanauze munthu, ngakhale akazi awo. Mlungu woyamba, ali okha m'chipinda cha makompyuta, anataipa mizere inayi imene anailoweza bwinobwino, n'kudina batani. Kompyuta inayankha ndi mawu ofiira, ambirimbiri, achingerezi chosamveka. A Fackson anayang'ana kukhomo, anazimitsa makinawo pa khoma, natuluka mwakachetechete. Loweruka lotsatira anaona kuti kompyuta ija ikugwira ntchito, koma anakhala kutali nayo ngati munthu amene anamulakwira.

Uthenga unafika Lolemba la mlungu wachisanu ndi chiwiri, masana, mvula ya Febuluwale itangokata. A Fackson anali pansi pa shedi yoyezera masamba akudikira thirakitala. Sunabwere pa gulu la WhatsApp la anthu atatu lija, unabwera kwa iwo okha. Anavala mandala, nawerenga.

"Bambo Muhiwa, mwaswera bwanji? Ndine Hazel. Ndalemba kwa inu nokha chifukwa nkhaniyi ndi yokhudza inu, koma Bashir wauona uthengawu ndipo wagwirizana nawo.

"Milungu 6 yatha, yatsala 3. Tidzaonetsa pulogalamu Loweruka pa 8 Malichi. Pa GitHub pamene timasunga ntchito yathu pakuonetsa kuti ine ndili ndi makomiti 41, Bashir 27, inu mulibe komiti ngakhale imodzi. Aphunzitsi ananena kuti aliyense akhale ndi khodi yolemba yekha, pa dzina lake, ndipo adzafunsidwa kuti aifotokoze. Ndiye ife sitingakulembereni, ngakhale titafuna. Sindikudziwa chimene chakulepheretsani. Ngati ndi nthawi, laputopu, kapena pali pamene simukumvetsa, ndiuzeni.

"Zakale sitikuwerengera. Ntchito yotsala ndaiyerekeza kuti ndi ya maola 48, ndiye aliyense 16.

"Ine: kulumikiza mafomu ndi databesi kuti zolembedwa zisamasowe, maola 11. Kukhala nanu pamene mukulemba, maola 5.

"Bashir: tsamba loonetsa minda ya lero pa foni, maola 12. Kusonkhanitsa lipoti ndi kuunika khodi yathu tonse, maola 4.

"Inu: choyamba, kulemba papepala malamulo a kathyoledwe monga mmene mumachitira kumunda, maola 2, pofika Lachisanu. Chachiwiri, kusandutsa malamulowo kukhala fankishoni imodzi, yolandira tsiku lothyola n'kubweza tsiku lobwererako, maola 6. Panopa ndinangoikapo masiku 7 pa munda uliwonse, mongoyembekezera. Chachitatu, matesiti 10 otsimikizira kuti fankishoniyo ikuyankha zoona, maola 4. Chachinayi, kukayesetsa pulogalamu kwa makapitawo atatu n'kulemba zimene anena, maola 4.

"Loweruka lino ndidzafika 8 koloko ndi laputopu yanga, tiyambire limodzi. Muzidzataipa ndinu. Ngati mwaona kuti kagawidweka sikali bwino, nenani tisinthe, inu mumadziwa kugawa ntchito kuposa ine. Chonde ndiyankheni pofika Lachitatu madzulo. Pakapanda yankho tidzayenera kuuza aphunzitsi Loweruka, chifukwa fomu yawo imafunsa zimene aliyense wachita, ndipo sindikufuna adzamve zimenezi inu musakudziwa. Zikomo bambo."

A Fackson anawerenga kawiri. Thirakitala inafika, inanyamula masamba, inapita, iwo akadali chiimire. Pa mawu onsewo, amene anawalasa anali asanu okha.

Atafika kunyumba sanavule n'komwe gambutsi. Akazi awo, mayi Betty, anali pakhonde akusenda chinangwa choti ayanike makaka dzuwa likapezeka.

"Mayi a Justice, tamverani izi. Mwana wa Fainess akuti ine ndilibe komiti ngakhale imodzi."

"Inuyo?" anatero mayi Betty, mpeni uli m'mwamba. "Nanga amene amakusowetsani pakhomo pano mlungu wonse aja ndi chiyani?"

"Ndi zimenezo! Asanu! Iye akuti ali nawo 41. Mwana wazaka 22, makomiti 41, amakhala nthawi yanji?"

Mumtima ankadziwa ndithu. Mawuwo anawaloweza teremu yoyamba: munthu ukalemba khodi n'kuisunga pa malo a gulu, kusungako kumalembedwa ndi dzina lako, tsiku ndi ola, ndipo dzina lake m'Chingerezi limamveka ndendende ngati komiti. Koma kukwiyira komiti ya mjigo kunali kokoma kuposa kukwiyira inayo. Mayi Betty anapukuta manja, natenga foni, nawerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedera.

"Bambo a Justice, kodi kusukulu kuja mumakatani Loweruka?"

"Ndimayang'anira."

"Anakutumani ndani?"

A Fackson anasintha nkhani. "Taonani kagawidwe kakeko. Iye ntchito ziwiri. Bashir ziwiri. Ine, munthu wamkulu, zinayi! Mawa ndikakumana ndi mayi ake."

"Pitani," anatero mayi Betty, akubwerera ku chinangwa chawo. "Koma nthochi zanga zija musatengenso. Ndimadabwa kuti sukulu yanji yolipira ndi nthochi."

Kutacha, nthawi yopuma, anawapeza mayi Fainess atakhala pansi pa mtengo wa m'mphepete mwa munda nambala 14, pamodzi ndi amayi ena asanu ndi mmodzi, madengu ali pambali. A Fackson anafuna kuwaitanira pambali, koma mayi Fainess anati miyendo yatopa, anene pompo.

"Mwana wanu wandilembera kalata yosayenera."

"Yafika?" Nkhope ya mayi Fainess inawala. "Tawerengani a kapitawo, anzangawa amve. Ine ndinaimva Lamulungu, koma sindikudziwa kuti watumiza iti."

"Iti bwanji?"

"Analemba kasanu ndi kawiri! Tsiku lonse, kuchokera pobwera kutchalitchi. Yoyamba inali ya mawu awiri, yakuti, 'Bambo, mwatitopetsa.' Ine ndinati yomweyo ndi yabwino, tumiza. Wakana. Bashir uja anabwera ndi yake yakuti angokuchotsani pa gulu, kapena akupatseni ntchito yonse yotsala kuti mubweze milungu munadya ija. Hazel akuti ayi, munthu amene sanayambe n'komwe ukamusenzetsa zonse ndiye kuti wagwetsa gulu lonse. Ina inali ndi mawu akuti ulesi, wafufuta, akuti sakudziwa ngati ndi ulesi, chimene akudziwa ndi nambala basi. Ina inali yaulemu kwambiri moti nditaimva ndinayesa akukuthokozani. Imeneyonso wafufuta. Tawerengani."

Panalibe pothawira. A Fackson anawerenga, akudumpha mwina, koma amayiwo ankawabweza. Atafika pa manambala, mayi wina wachikulire anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Pepani a kapitawo, ife sukulu inatipita. Makomitiwo tingati ndi makilo?"

"Tingatero," anayankha monyinyirika.

"Ndiye mwana wa Fainess 41, mnyamata wa njinga 27. Inuyo?"

Mayi Fainess anadzuka. Anatola dengu lopanda kanthu, analinyamula ndi chala chimodzi, analiyang'ana mwachifundo. Amayi aja anagwa nacho chiseko, wina mpaka kugubuduka pa udzu wonyowa, ndipo anthu a munda nambala 15 anaimirira kuti aone chachitika n'chiyani.

"Koma zinayi!" anakuwa a Fackson. "Iwo ziwiriziwiri, ine zinayi!"

"Maola ake ndi angati?" anafunsa mayi Fainess, akupukuta misozi.

"Sikisitini."

"A Hazel?"

"Sikisitini."

"Nanga si inu munatiphunzitsa kuti mizere sawerenga, amayang'ana phiri? Ndiponso pa maola akewo, asanu ndi olera inu. Ine mwana wanga ndinamulera ndekha, lero akukalera a kapitawo."

Tsiku limenelo a Fackson sananyamule dengu la munthu aliyense. Anayenda m'mizere mwakachetechete, ndipo poyendapo ukapitawo wawo unayamba kugwira ntchito pa uthenga uja. Anauyeza monga amayezera munda. Anapeza kuti mwanayo wagawa bwino, kupatula malo awiri. Ndipo panali chinthu china chimene chinkawadya kuyambira mlungu wachiwiri, pamene anaona pa laputopu ya Hazel nambala 7 itakhala pamenepo ngati yoona. Anakhala chete nthawi yonseyo poopa kuti akanena kuti ndi yolakwika, auzidwa kuti aikonze.

Lachitatu masana anakhala pa benchi ya pa shedi, nayankha ndi chala chimodzi. Zinawatengera nthawi yonse yopuma.

"Hazel mwanawe, uthenga ndaulandira ndipo amayi ako aufalitsa. Ntchito ndavomera. Chimene chinandilepheretsa ndi chakuti ndinalemba kamodzi, kompyuta inatulutsa zofiira, ndinayesa ndaiwononga. Usauze Bashir. Koma kagawidwe kako kali ndi zolakwika ziwiri. Makapitawo atatu ali m'madivishoni atatu, wapansi ndi mvula ino si maola 4, ndi 7. Chachiwiri, Lachisanu tikuthira feteleza, pepala la malamulo ndidzabwera nalo Loweruka m'mawa. Komanso 7 wakoyo ndi wabodza. Palibe munda umene umathyoledwa masiku 7 chaka chonse."

Yankho linabwera asanabweze foni m'thumba. Hazel anati zofiirazo aliyense amaziona kambirimbiri pa tsiku, ndi kompyuta ikungonena mzere umene sinamve. Anati walankhula ndi Bashir za ulendo wokha, osati zinazo: Bashir adzawanyamula pa njinga, ulendowo ukhale maola 5, matesiti atsike kuchoka pa 10 kufika pa 7 kuti a Fackson akhalebe pa 16, ndipo popeza Bashir wawonjezeredwa ntchito, Hazel atenga theka la lipoti. Anatumiza mndandanda watsopano pa gulu la onse atatu, aliyense ndi ntchito zake ndi masiku ake. Bashir anayankha ndi chithunzi cha chala chachikulu. A Fackson anayankha kuti, "Zavomerezedwa," ngati kuti pempho linachokera kwa anawo.

Loweruka anafika 7 koloko, opanda nthochi, atanyamula pepala la malamulo lolembedwa bwino ndi cholembera chofiira ndi chabuluu. Pa esiteti yawo, m'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, munda amabwererako pakatha masiku khumi. Miyezi ina yonse, masiku 16. Munda wodulidwa suthyoledwa mpaka kapitawo atanena kuti wadzuka. Tsiku likagwera Lamulungu, apite Lolemba. Hazel anawerenga, nati pepala limeneli likanabwera mlungu woyamba bwenzi atapulumuka masiku atatu a ntchito. A Fackson anamva ngati ayamikiridwa, ndipo panapita kanthawi asanamve mbali inayo.

Hazel anawatsegulira bulanchi yawoyawo, kutanthauza kope la pambali la pulogalamu, loti alakwitse mmene angathere osagwetsa ntchito ya anzawo. Kenako anakhala pa manja ake, kwenikweni, kuwapanikiza pansi pa ntchafu kuti asagwire kiyibodi. A Fackson anataipa mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, nadina. Zofiira.

Anayang'ana kukhomo.

"Werengani mzere womaliza, bambo," anatero Hazel.

Anawerenga. Inkanena za mzere wachiwiri. Anali ataiwala timadontho tiwiri kumapeto kwake. Anatiika, nadina. Zofiira zina.

"Tsopano ikuti chiyani?"

"Ikuti mzere wachitatu sunalowe m'kati mofanana ndi unzake." Anaunguza pafupi. Unali utatuluka ndi kampata kamodzi kokha. "Kampata kamodzi? Ameneyu ndi woipa mtima kuposa ine."

Pofika 10 koloko fankishoni inayankha koyamba. Anaipatsa 3 Febuluwale, inabweza 13 Febuluwale. A Fackson anaimirira, anazungulira mpando, nakhalanso. Hazel anawaonetsa mmene amasungira ntchito, nati pamafunika kulemba mawu ochepa onena chimene wasintha. Atatembenuka kuti ayankhe mnzake wina, anapeza a Fackson alemba kale: "Okondedwa Hazel ndi Bashir, ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino. Cholinga cha kalatayi ndi kukudziwitsani kuti ndalemba masiku a mvula ndi a chilimwe. Ndine wanu, F. Muhiwa, Kapitawo." Anali atadina kale. Komiti yawo yoyamba inalowa m'mbiri ya pulogalamu ndi mawu amenewo, ndipo Bashir anakana kuti asinthidwe.

Matesiti anawakonda kuposa zonse, atangomva kuti ndi chiyani. Umapatsa fankishoni tsiku limene yankho lake ukulidziwa kale, n'kuona ngati inama. Imeneyi inali ntchito yawo yeniyeni, kugwira wonama. Hazel ankawabwereka laputopu Lachiwiri ndi Lachinayi akaweruka, ndipo mayi Fainess ndi amene ankabwera nayo kuntchito, itakulungidwa m'chitenje ndi pulasitiki, n'kuipereka pamaso pa anthu onse ndi mawu akuti, "Homuweki, a kapitawo." Matesiti asanu ndi imodzi anadutsa. Yachisanu ndi chiwiri inakana. Munda wothyoledwa Lachinayi pa 6 Febuluwale unkayenera kugwera Lamulungu pa 16 n'kukankhidwira Lolemba pa 17, koma fankishoni inkaumirira pa 16.

Anamuimbira Hazel. "Kompyuta yako ikutuma anthu kumunda Lamulungu. Ndi yachikunja."

"Lamulungu mwalipatsa nambala yanji, bambo?"

"Seveni. Nanga lingakhale chiyani?"

"Python, chilankhulo chimene tikulemberachi, imayamba kuwerenga pa ziro. Lolemba ndi ziro, Lamulungu ndi sikisi. Seveni kulibe, ndiye lamulo lanulo silikugwira tsiku lililonse."

A Fackson anayang'ananso mzere wa Lamulungu uja. "Ndiye wonama ndi ine?"

"Tesiti yanu yagwira khodi yanu. Ndi mmene zimayenera kukhalira."

Anakonza, onse asanu ndi awiri anadutsa, ndipo anapempha kuti ntchito yawo ilowetsedwe mu pulogalamu yaikulu. Apa m'pamene Bashir, monga wounika, anaiwerenga, naibweza ndi ndemanga imodzi. Mu khodi, nambala iliyonse yosungidwa imapatsidwa dzina. A Fackson anaona kuti maina ngati x ndi y ndi osakumbukika, ndiye masiku khumi a mvula anawatcha fainess, chifukwa ndi achangu, ndipo masiku 16 a chilimwe anawatcha zakeyu, dzina la bambo wina wa mu gulu lawo amene amathyola ngati akupepesa mtengo. Bashir analemba kuti khodi ikugwira bwino, koma munthu wa ku Mzuzu sangadziwe kuti Zakeyu ndi waulesi, ndiye mainawo akhale masiku_a_mvula ndi masiku_a_chilimwe. A Fackson anasintha modandaula, akuti mainawo ataya mchere.

Ulendo wa kwa makapitawo unatenga maola asanu ndi limodzi, chifukwa njinga inatitimira kawiri. Kapitawo woyamba anati zilembo ndi zazing'ono. Wachiwiri anati batani losungira lili pamene chala chonyowa chimalidina mwangozi. Wachitatu anafunsa ngati pulogalamuyo imadziwa maholide a boma, ndipo sinkadziwa. A Fackson anafuna kuti awonjezere zimenezo pompo, pamodzi ndi masiku a feteleza, matalala ndi maliro. Hazel anati kwatsala masiku anayi, zimene sizili pa mndandanda zilembedwe mu lipoti ngati ntchito ya m'tsogolo. Anakangana pang'ono. Anapambana Hazel.

Pa 8 Malichi a Fackson anavala suti ya ukwati wa Justice. Aphunzitsi analoza mzere wa Lamulungu uja, nafunsa chifukwa chake pali sikisi. Yankho linatenga mphindi khumi ndi ziwiri, linadutsa pa mbiri ya esiteti, pa kusiyana kwa tsamba lanthete ndi lokhwima, mpaka aphunzitsi anakweza manja nati akhutira. Pa fomu yonena zimene aliyense wachita, Hazel analemba zoona: milungu isanu ndi umodzi palibe, milungu itatu zonse zimene anapatsidwa, pa nthawi yake. Anawaonetsa asanapereke. A Fackson anawerenga, anapumira m'mwamba, nasaina m'munsi mwake.

Hazel anapeza 78, Bashir 71, a Fackson 54. Kwa masiku angapo ankauza anthu kuti gulu lawo lapeza 203.

Esiteti sinagwiritse ntchito pulogalamuyo. Matabuleti atabwera chaka chotsatira anali ndi pulogalamu yawoyawo yochokera kunja, ndipo a Fackson ndi amene anaphunzitsa makapitawo anzawo kuti uthenga wofiira ukatuluka asamazimitse, aziwerenga. Maphunziro sanapitirize, anati satifiketi imodzi yakwana. Hazel anapeza ntchito ku Blantyre. Bashir akadali pa kabaza, koma amapangira masitolo a pa boma timasamba ta pa intaneti.

Khodi ya a Fackson yonse inali mizere 31. Hazel anawasindikizira papepala, ndipo mayi Betty anaiika mu felemu n'kuipachika pabalaza, pakati pa kalendala ndi chithunzi cha ubatizo wa mdzukulu. Alendo ambiri amaiyang'ana mwaulemu osafunsa. Abusa atabwera kudzayendera banjalo anaima patsogolo pake nthawi yaitali, manja kumsana, kenako, poyesa kuti ndi chikalata cha kukhoti, anatembenuka n'kufunsa motsitsa mawu ngati mlanduwo unatha bwino.